Foda ya pa netiweki ya mu ofesi ili ndi zipata ziwiri

M'maofesi ambiri ang'onoang'ono malipoti amayendabe pa fulashi. Mlembi akamaliza kulemba amakopera mnzake, mnzakeyo n'kusinthamo pang'ono, ndipo pofika Lachisanu pamakhala mafayilo anayi a dzina limodzi popanda wodziwa kuti lenileni ndi liti. Njira yothetsera chisokonezochi ilipo kale m'kompyuta iliyonse ya Windows 10 kapena Windows 11: kusankha kompyuta imodzi yosunga foda, ena onse n'kumaitsegula kudzera pa netiweki ya mu ofesimo. Kugawa fodayo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chimene chimasokoneza ambiri ndi kusankha amene aziwerenga chabe ndi amene azisintha, kaamba koti Windows imafunsa funso limeneli pamalo awiri osiyana, ndipo munthu akayankha pamalo amodzi okha amaganiza kuti watseka pomwe khomo lili pululu.

Malo oyamba ndi tsamba la Sharing, achiwiri ndi tsamba la Security, ndipo onse amapezeka munthu akadina foda ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Properties. Tsamba la Sharing lili ngati chipata cha mpanda: limayang'ana okhawo amene akubwera kudzera pa netiweki, ndipo lili ndi zilolezo zitatu zokha, Read, Change ndi Full Control. Tsamba la Security lili ngati chitseko cha nyumba. Limagwira aliyense, wochokera pa netiweki ngakhalenso amene wakhala pa kompyuta yosunga fodayo, ndipo zilolezo zake n'zochulukirapo. Wobwera pa netiweki amadutsa pa zipata zonse ziwiri, ndipo chimene amaloledwa kuchita ndi chochepa pa ziwirizo. Ngati Sharing yamupatsa Read pomwe Security yamupatsa Modify, iye aziwerenga basi. Ngati Sharing yamupatsa Full Control pomwe Security yamupatsa Read, aziwerenganso basi.

Chitsanzo chingakhale ofesi ya anthu asanu yopanda seva: mkulu wa ofesi, mlembi, wowerengera ndalama ndi alangizi awiri oyenda m'madera. Pa kompyuta yotchedwa OFESI-PC pali foda `D:\Malipoti`. Mkulu, mlembi ndi wowerengera ndalama ayenera kulemba ndi kusintha malipoti, pomwe alangizi aziwerenga chabe. M'kati mwa fodayi mulinso ina, Malipiro, yoyenera kuonedwa ndi mkulu ndi wowerengera ndalama okha.

Choyamba, munthu aliyense amafunika akaunti yakeyake pa OFESI-PC, yokhala ndi pasiwedi, chifukwa kompyuta yosunga foda ndiyo imazindikira amene wagogoda. Akaunti yopanda pasiwedi Windows imaikaniza kulowa kudzera pa netiweki. Chizolowezi chopatsa onse akaunti imodzi chimapha nkhani yonse ya zilolezo isanayambe, popeza kompyuta singasiyanitse mlembi ndi mlangizi ngati onse akulowa ndi dzina limodzi. Kenaka anthuwo amaikidwa m'magulu awiri. Malamulo otsatirawa amalembedwa mu Command Prompt yotsegulidwa ndi Run as administrator, ndipo lachitatu limabwerezedwa pa munthu aliyense:

```
net localgroup Olemba /add
net localgroup Owerenga /add
net localgroup Olemba mlembi /add
```

Ubwino wa magulu umaoneka tsiku limene wina wasiya ntchito kapena wasinthidwa udindo. M'malo mofufuza foda ndi foda kuti dzina lake linaikidwa pati, woyang'anira amangolichotsa m'gulu.

Pa chipata choyamba, woyang'anira amadina Advanced Sharing, n'kuchonga Share this folder, kenaka Permissions. Apa Windows imakhala itaika kale Everyone ndi chilolezo cha Read. Akatswiri ambiri amasiya chipatachi chotakasuka kuti kusankha kwenikweni kuchitikire pa Security, ndipo nzeru yake ndi yomveka: malamulo akakhala pamalo amodzi savuta kuwafufuza. M'chitsanzochi Everyone ichotsedwe, m'malo mwake muikidwe Authenticated Users, kutanthauza aliyense amene walowa ndi akaunti yodziwika, ndi chilolezo cha Change. Full Control siyofunika kwa anthu olemba malipoti, popeza chimene imawonjezera ndi mphamvu yosintha zilolezo zenizenizo.

Msampha uli pa chipata chachiwiri. Foda yatsopano siyamba yopanda zilolezo. Imatengera za disiki kapena foda imene yabadwiramo, monga mwana atengera mfunda wa kwawo. Pa makompyuta ambiri a Windows, foda yopangidwa pamwamba penipeni pa disiki imatengera mzere wopatsa Authenticated Users chilolezo cha Modify, ndi wina wopatsa Users chilolezo chowerenga. Woyang'anira wosadziwa izi amawonjezera gulu la Owerenga, n'kulipatsa Read, n'kupita kunyumba mtima uli m'malo. Koma pa tsamba la Security zilolezo za munthu mmodzi zimaphatikizana. Mlangizi ali m'gulu la Owerenga, inde, komanso ndi mmodzi wa Authenticated Users, choncho Read ya gulu lake ikaphatikizidwa ndi Modify yotengera ija, iye ali ndi Modify. Pa Sharing ali ndi Change. Zipata zonse zamutsegukira, ndipo angathe kusintha kapena kufufuta lipoti lililonse popanda chenjezo.

Kukonza kwake n'kudula mtengero umenewu. Pa Security woyang'anira amadina Advanced, kenaka Disable inheritance. Windows imafunsa ngati zilolezo zotengera zisandutsidwe za fodayo kapena zichotsedwe zonse. Kuzisandutsa ndiko kwabwino, chifukwa kuchotsa zonse kungatsekere kunja ngakhale woyang'anira mwini. Zikatero amachotsa mizere ya Authenticated Users ndi Users, n'kusiya SYSTEM ndi Administrators monga zilili. Olemba amawapatsa Modify, pomwe Owerenga amawapatsa Read & execute, imene imabwera limodzi ndi List folder contents ndi Read.

Ena amayesa kupatsa olemba Read ndi Write zokha pofuna kuti azilemba koma asamafufute. Cholingacho n'chabwino koma chimagundana ndi mmene Word ndi Excel zimasungira ntchito: zimalemba fayilo yongoyembekezera, n'kuchotsa yakale, n'kupatsa yatsopanoyo dzina la yakale. Munthu wopanda mphamvu yofufuta amayamba kuona mauthenga okana kusunga, ndipo m'foda mumadzaza timafayilo ta mayina achilendo. Wosintha malipoti amafunika Modify, ndipo Modify imaphatikiza kufufuta.

Foda ya Malipiro nayo imatengera zonse za Malipoti, choncho mlembi ndi alangizi angaitsegule. Njira ndi yomweyo: Disable inheritance pa Malipiro, kuchotsa Olemba ndi Owerenga, ndi kuika gulu lachitatu, mwachitsanzo Zachuma, lokhala ndi mkulu ndi wowerengera ndalama. Pamenepa pali chiyeso chochonga bokosi la Deny pa magulu osafunikawo, ndipo ndi bwino kuchipewa. Deny yoikidwa pa foda imaposa Allow. Mkulu ndi wowerengera ndalama ali m'gulu la Olemba, kotero Deny ikaikidwa pa Olemba onse awiri atsekeredwa kunja kwa foda yawo yomwe, ngakhale gulu la Zachuma likuwalola. Mu Windows, amene sanatchulidwe ndiye kuti sanaloledwe, ndipo kusamutchulako n'kokwanira. Dzina la foda lokha lizionekabe kwa mlangizi, koma akaidina akanizidwa.

Anthu amafika ku fodayi polemba `\\OFESI-PC\Malipoti` pa mzere wa adiresi mu File Explorer. Zikakanika, uthenga umene watuluka umasonyeza kumene kuli vuto. Ukanena kuti njira siikupezeka, kawirikawiri ndi nambala 0x80070035, nkhani sinafike n'komwe pa zilolezo. Mwina OFESI-PC ndi yozimitsa kapena yagona, zomwe zimachitikachitika magetsi akathima n'kuyakanso, mwina dzina lalembedwa molakwa, kapena netiweki yaikidwa ngati Public m'malo mwa Private, kapenanso File and printer sharing ndi yotseka. Kugawana mafayilo kumeneku kumayenda pa ndondomeko ya SMB kudzera pa doko 445, ndipo pulogalamu yoteteza kompyuta ikatseka dokoli palibe chodutsa. Uthenga ukanena kuti munthuyo alibe chilolezo, ndiye kuti kompyuta yapezeka ndipo chimodzi mwa zipata chamukana. Amene akutsegula mafayilo koma akulephera kusunga, pomwe ali m'gulu la Olemba, nthawi zambiri wagwidwa ndi Read ija ya Everyone imene inaiwalika pa Sharing.

Kuyesa kuyenera kuchitikira pa kompyuta ya mlangizi, ndi akaunti ya mlangizi, osati pa OFESI-PC pamene chipata cha Sharing sichigwira ntchito. Mlangizi atsegule lipoti, ayese kupanga fayilo yatsopano, ayese kufufuta fayilo yoyesera, ayesenso kulowa mu Malipiro. Choyamba chokha ndicho chiyenera kutheka. Ngati munthu wangoikidwa kumene m'gulu, atuluke mu Windows n'kulowanso, chifukwa kompyuta imawerenga magulu ake panthawi yolumikizana ndipo kulumikizana kwakale kumasungabe zakale. Tsamba la Effective Access, lopezeka pansi pa Advanced, limathandizanso kuonetsa zimene munthu wosankhidwa angachite zilolezo zake zonse zikaphatikizidwa.

Njirayi ili ndi malire ake. Windows 10 ndi Windows 11 zimalola makompyuta osapitirira 20 kulumikizana ndi mafoda ogawidwa panthawi imodzi, kotero ofesi ikakula imafunika seva kapena chipangizo chosungira mafayilo pa netiweki. Tsamba la Security limapezeka pa disiki ya mtundu wa NTFS. Fulashi kapena disiki yakunja ya FAT32 kapena exFAT ilibe tsambali, ndipo fayilo ya malipiro ikakoperedwa pamenepo zilolezo zake zonse zimatsala m'mbuyo. Komanso Read siiletsa kukopera: wowerenga angathe kutenga fayilo n'kuitumiza kwina.

Chomaliza chimene olemba ayenera kuuzidwa tsiku loyamba ndi cha kufufuta. Fayilo yofufutidwa kudzera pa netiweki sipita mu Recycle Bin, ya wofufutayo kapena ya OFESI-PC. Popeza anthu atatu m'chitsanzochi ali ndi Modify, aliyense wa iwo angachotse malipoti a chaka chonse ndi batani limodzi. Choncho foda ya Malipoti iyenera kukoperedwa nthawi ndi nthawi ku disiki ina yosagawidwa pa netiweki, imene gulu la Olemba lilibe chilolezo cholembamo.