Khadi lothokoza anamwino wodwala akachira

Khadi lothokoza anamwino limapita ku wodi yonse, osati kwa namwino mmodzi. Wodwala amene wagonekedwa m'chipatala kwa miyezi amadutsa m'manja ambiri, chifukwa anamwino amagwira ntchito mosinthana, ena masana ena usiku. Achibale amawadziwa bwino a masana. Amene anasintha diripi usiku tambala asanalire kawirikawiri sadziwika n'dzina lomwe. N'chifukwa chake pamwamba pa khadi pamalembedwa kuti "Kwa anamwino onse a wodi ya amayi", ndipo oyeretsa m'wodi nawonso amatchulidwa.

Chovuta chachikulu n'kuwakumbutsa za wodwalayo. Pa zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, bedi likangotsala lopanda munthu pamagona wina, choncho mawu akuti "zikomo potisamalira" sawakumbutsa nkhope ya aliyense. Chimene chimawakumbutsa ndi mwezi, malo amene panali bedi, ndi chinthu chimodzi chimene anachita.

Mwachitsanzo, agogo athyoka fupa la ntchafu ndipo agona masabata angapo mwendo uli wokokedwa ndi cholemera. Choopsa kwa munthu wotere ndi zilonda za pamsana ndi m'matako, zimene zimabwera chifukwa chogonera malo amodzi. Ngati agogowo atuluka opanda chilonda, ndiye kuti panali wina amene ankawayang'ana khungu, kuwasinthira zofunda zonyowa, ndi kuphunzitsa wowadikirira kuwanyamulako pang'ono pafupipafupi. Khadi likhoza kunena kuti: "Amayi athu anagona pabedi la pawindo mu Juni ndi Julayi. Munatiphunzitsa kuwasambitsa ali chigonere, ndipo atuluka opanda chilonda. Panopa akuyenda ndi ndodo mpaka kudimba." Chiganizo chomalizachi n'chimene anamwino amachifuna kwambiri, popeza wodwala akatuluka samvanso za iye.

Makadi otere nthawi zambiri amamatidwa pakhoma, pamene aliyense wodutsa amawerenga. Choncho dzina lonse la wodwala ndi dzina la matenda siziyenera kulembedwa mwiniwake asanavomereze, makamaka pa matenda amene anthu amasalana nawo, monga chifuwa chachikulu kapena HIV. Kusaina kuti "banja la agogo a pawindo" n'kokwanira. Madandaulo, ngati alipo, ali ndi njira yakeyake ku ofesi ya chipatala. Kuwasakaniza ndi kuthokoza kumawononga zonse ziwiri.

Ndalama siziikidwa mu envulopu. M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, ndipo namwino wolandira ndalama, ngakhale zoperekedwa ndi mtima wabwino, akhoza kuganiziridwa za ziphuphu.

Khadi limaperekedwa kwa namwino wamkulu wa wodi, amene amalionetsa kwa anzake. Tsiku lobwereranso kuchipatala kukaonedwa ndi labwino, chifukwa wochirayo amafika yekha pakhomo la wodi. Nthawi yabwino ndi masana, madokotala atamaliza kuyendera odwala.