Nyumba yodziyatsira magetsi: zoyenera kulembera a m'banja wodziwa asanachoke

M'nyumba zambiri momwe mababu amayaka okha dzuwa likalowa, geti likutsegulidwa ndi foni, pampu ya madzi ikudzizimitsa thanki ikadzadza, mumakhala munthu mmodzi yekha wodziwa mmene zonsezo zinalumikizidwira. Ndi iye anagula zipangizo, ndi iye anatsegula maakaunti, ndipo mawu achinsinsi ali m'mutu mwake. Tsiku limene wapita kukagwira ntchito kutali, wagonekedwa m'chipatala, kapena watisiya, otsala amapezeka kuti sangathe kuzimitsa babu la kuchipinda kwawo komwe. Mankhwala ake ndi kabuku kakang'ono, kosindikizidwa papepala, kolembedwa wodziwayo akadalipo.

Ndikuti papepala chifukwa nthawi imene kabukuka kadzafunike kwambiri ndi imene intaneti yafa. Malangizo osungidwa mu foni ya bambo, bambowo ali ku Joni, sathandiza mayi amene waima mumdima pakhonde.

Tiyerekeze nyumba ya zipinda zitatu. Muli rauta yogawa wayifayi, ndipo pambali pake pali kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi komwe muli pulogalamu ya Home Assistant. Kameneka ndiko kabokosi kolamulira: kamasunga malamulo onse, monga lakuti mababu a panja ayake dzuwa likalowa. Pakabokosipo pabayidwa kandodo kooneka ngati fulashi, kolankhula ndi mababu asanu ndi limodzi a IKEA ndi masensa awiri a pazitseko kudzera mu Zigbee, njira ya mafunde yosadalira wayifayi. Palinso masoketi awiri a wayifayi oyendera pulogalamu ya pafoni ya Smart Life, imodzi ya pampu, ina ya fani.

Tsamba loyamba la kabuku lisayambe ndi mbiri ya zipangizozi. Liyankhe funso limodzi: chilichonse chitafa lero, tingayatse ndi kuzimitsa bwanji ndi manja? Pa chipangizo chilichonse palembedwe pamene pali swichi yake, batani la pasoketi ya pampu, ndi pamene pamakhala kiyi womasulira mota ya geti kuti likankhidwe ndi manja. Apa pafotokozedwenso chinthu chimene chimasokoneza alendo ndi agogo omwe: babu lolamulidwa ndi foni limafuna kuti swichi ya pakhoma ikhale yoyatsa nthawi zonse. Mukaizimitsa, babulo latha moto ndipo silimvanso lamulo lililonse. Choipirapo n'chakuti mababu ambiri a Zigbee amagwiranso ntchito yopatsirana uthenga. Babu la pakolido likazimitsidwa pakhoma, sensa ya chitseko cha kumbuyo, imene imadutsira pa babulo, ikhoza kusiya kumveka ngakhale batire lake lili bwinobwino.

Mtima wa kabukuka uli pa kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazitchula ngati chimodzi. Kuzimitsa n'kuyatsanso chipangizo, komwe pazenera kumalembedwa Restart kapena Reboot, sikufufuta kanthu. Kuchibwezera mmene chinalili pochoka kufakitale, komwe kumalembedwa Factory reset, kumachiiwalitsa zonse: dzina lake, wayifayi ya m'nyumba, ndi kabokosi kamene chimamvera. Zoonongeka zambiri m'nyumba zotere sizichokera ku vuto loyamba, koma kwa munthu wofuna kuthandiza amene watenga pini n'kudina kabowo ka kuseri kwa rauta. Akatero, rauta imabwerera ku dzina ndi mawu achinsinsi a pakapepala komatidwa pansi pake, ndipo masoketi onse a wayifayi amasochera nthawi imodzi. N'chifukwa chake kabuku kabwino kamasanja zochita ngati makwerero, kuyambira chosaopsa, ndipo kamanena poyera kuti musakwere pa chotsatira musanayese chapansi.

Tione mmene makwererowa angagwirire ntchito m'nyumba yathu ija. Magetsi anazima masana, abwera cha m'ma 5 koloko, ndipo mdima wagwa koma mababu a panja sanayake. Choyamba cholembedwa m'kabuku ndi kudikira mphindi zisanu kuchokera pamene magetsi abwera. Masoketi amadzuka m'masekondi ochepa, rauta imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo kabokosi kolamulira kamachedwa kuposa apo. Zambiri zooneka ngati zaonongeka zimangokhala zikudikirana.

Nthawi ija ikadutsa, funso lotsatira ndi lakuti chafa ndi chimodzi kapena zonse. Ngati ndi babu limodzi, onani swichi ya pakhoma, kenako lizimitseni masekondi khumi n'kuliyatsa kamodzi kokha. Ngati mababu onse ndi masensa asiya kumvera koma masoketi a pampu ndi fani akumverabe mu Smart Life, wayifayi ndi intaneti zili bwino, vuto lili pa kabokosi kapena kandodo kake. Tengani foni yolumikizidwa ku wayifayi ya m'nyumba n'kulemba adiresi iyi mu pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti:

```
http://homeassistant.local:8123
```

Tsamba likatseguka, kabokosi kali moyo. Pitani pa Settings, kenako System, ndipo pa chizindikiro cha moto chapamwamba sankhani Restart Home Assistant. Tsamba likakana kutseguka, onani ngati kanyali ka pakabokosi kakuyaka ndiponso ngati chingwe chopita ku rauta sichinasolotoke. Zonsezo zikakhala bwino, zulani pulagi yake, dikirani theka la mphindi, ibwezereni, ndipo mukasiye kadzuke. Kuzula pulagi kukhale kamodzi, chifukwa Raspberry Pi imasunga zonse pa kakhadi ka memori, ndipo kudula moto pamene ikulemba pakakhadipo ndiko kumakaononga. Kumene magetsi amazimazima, monga kwathu kuno, ndi nzeru kuika rauta ndi kabokosi pa kabatire kosunga moto. Kabuku kanene kuti kabatireko kali pati ndipo kamatha maola angati.

Zikakhala mosemphana, mababu akuyenda koma masoketi awiri aja ndiwo afa, kayikirani intaneti kapena rauta. Nthawi zambiri bando yangotha. Pampu muiyatse ndi batani lake, bando mugule mawa.

Pamwamba penipeni pa makwerero ndi pamene pali kufufuta chipangizo chimodzi, ndipo apa kabuku kalembe njira ya mtundu uliwonse payokha, pakuti njirazi zimasiyana. Babu la IKEA la TRÅDFRI limafufutika mukalizimitsa n'kuliyatsa kasanu ndi kamodzi motsatizana. Mababu ambiri a Smart Life amafufutika ndi katatu kokha, ndipo amayamba kuphethira mofulumira. Masoketi ake amafuna kudina batani osachotsa chala kwa masekondi pafupifupi asanu mpaka kanyali kayambe kuphethira. Mwana woseweretsa swichi akhoza kufufuta babu osadziwa. Choncho babu lophethira mwadongosolo silinapse, likungodikira kulumikizidwanso. Polumikizanso soketi ya wayifayi, kumbukirani kuti zambiri mwa zipangizo zotsika mtengozi zimamva mafunde a 2.4 GHz okha. Rauta ikakhala kuti ikutulutsa a 5 GHz okha, zimakana popanda kunena chifukwa. Chipangizo chikabwerera, chipatseni dzina lake lakale lomwelo ndipo muyese ngati malamulo ake akugwirabe, chifukwa kabokosi kakhoza kuchiona ngati chatsopano.

Pali kanzeru kamodzi koyenera mzere wakewake. Rauta ikapsa mukagula ina, musafufute chipangizo chilichonse. Ipatseni rauta yatsopanoyo dzina la wayifayi ndi mawu achinsinsi ofanana ndendende ndi akale, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo masoketi adzabwerera okha.

Nkhani ya maakaunti ndi imene wodziwa uja amaipewa, mwina poopa kuti ana asokoneza zinthu. Koma akaunti yotsegulidwa ndi imelo ya munthu mmodzi, yotumiza manambala otsimikizira ku simu yake, imatsekeka limodzi ndi simuyo. Ndi bwino kutsegula imelo ya banja, kuikapo zipangizo zonse, ndi kupatsa munthu wachiwiri wamkulu mphamvu zonse zoyang'anira. Mu Home Assistant zimenezi zimachitika pa Settings, kenako People. Mawu achinsinsi enieniwo asalembedwe m'kabuku kokhala pa shelefu pabalaza, pamene aliyense wolowa angakatsegule. Alembedwe pa pepala lina, mu envelopu yomata, yosungidwa pamodzi ndi mapepala a nyumba, ndipo kabuku kangonena kumene envelopuyo ili. Momwemo muikenso zithunzi za manambala olumikizira a zipangizo za Matter, omwe amakhala manambala 11 pafupi ndi kachizindikiro kojambula ndi foni, chifukwa makatoni amatayidwa ndipo kapepala ka pachipangizo kamafufutika.

Kabuku kanenenso mosabisa kuti ndi zipangizo ziti zimene zimadalira makompyuta a kampani yakutali. Mu 2016 kampani ya Nest inathimitsa kabokosi ka Revolv, ndipo ogula anatsala ndi chinthu chosagwira ntchito. Mu Epulo 2022 makompyuta a Insteon anazima mwadzidzidzi popanda chenjezo, mpaka gulu la ogwiritsa ntchito linagula kampaniyo n'kuwayatsanso. M'nyumba yathu ija, mababu a Zigbee angapitirize kuyenda popanda intaneti, koma masoketi a Smart Life angatsale ndi batani lokha. Banja lodziwa zimenezi silitaya ndalama kuitana wokonza pa vuto losakonzeka.

Chotsala ndi tsiku limene kakhadi ka memori kafa ndithu. Home Assistant imasunga kope la zonse pa Settings, System, Backups, ndipo kuyambira mu Januwale 2025 imatha kuchita zimenezi yokha pa nthawi yoikika. Makopewa amakhomedwa ndi kiyi wa zilembo ndi manambala, ndipo pobwezeretsa pa kakhadi katsopano kiyiyo amafunika. Asindikizidwe, alowe mu envelopu ija. Kope lenilenilo lisakhale pa kakhadi komweko kokha, chifukwa lidzafera limodzi nako. Lina likhale pa fulashi m'dirowa kapena pa akaunti ya banja. Njira yobwezeretsa ndi yaifupi: kuika Home Assistant pa kakhadi katsopano, kubaya kandodo ka Zigbee komwe kaja, kutsegula adiresi ija, ndi kusankha kubwezeretsa kuchokera pa kope m'malo moyamba zatsopano. Ngati m'banjamo mulibe wotha zimenezi, palembedwe dzina ndi nambala ya munthu wodalirika woti aitanidwe.

Kabuku kakatha kulembedwa, kayesedwe wolembayo asanakwere basi. Azule chingwe cha kabokosi, apereke kabukuko kwa amene sakonda za mafoni m'nyumbamo, iye akhale pambali osayankhula. Paliponse pamene woyesayo waima n'kufunsa kuti "kabokosi kake kati?", pakufunika chithunzi kapena kapepala komata pa chipangizocho, kolembedwa dzina lomwelo limene lili m'kabuku. Pachikuto palembedwe tsiku, ndipo nthawi iliyonse pamene babu latsopano lalowa kapena rauta yasinthidwa, tsamba lokhudzidwalo lisindikizidwenso.