Yambani ndi vuto, osati ndi kalendala

Tiyerekeze kuti mlembi wa kopaletivi ya alimi wapatsidwa mphindi khumi kuti alankhule ku komiti yoona za ndalama. Wakonza masilaidi 12. Yoyamba ikuonetsa msonkhano wa mu Epulo, yachiwiri kukolola kwa mu Meyi, yachitatu kugula chimanga mu Juni. Akungoyenda choncho, mwezi ndi mwezi. Pofika pa silaidi ya nambala 10, pamene pali nkhani yoti anankafumbwe aononga matumba 40 mwa matumba 200, wapampando wayamba kale kuyang'ana wotchi. Pempho loti komiti igule matumba osalowa mpweya lili pa silaidi yomaliza, ndipo nthawi yatha asanafikepo.

Mlembiyu sananame, komanso ntchito anaigwira. Cholakwika n'chakuti wakamba lipoti ngati nthano. Nthano imakoma ikayambira pa "padangokhala" n'kumasunga mathero. Koma komiti sinabwere kudzavomera kuti "tili tonse". Yabwera kudzagamula, ndipo wogamula amafuna adziwe msanga zinthu zitatu: chavuta n'chiyani, tadziwa bwanji, nanga tichitenji.

Kusanja masilaidi mwatsopano sikulira kulemba zonse kachiwiri. Choyamba sungani kope lina la fayiloyo, kuti mukasokoneza mukhale ndi pobwerera. Kenako onani masilaidi onse pamodzi. Mu PowerPoint mumapita pa View n'kusankha Slide Sorter, pomwe mu Google Slides mumasankha Grid view. Masilaidi amaoneka ang'onoang'ono ngati makadi oyalidwa patebulo, ndipo mungathe kukoka iliyonse n'kuiika pamene mukufuna.

Tsopano silaidi iliyonse ifunseni funso limodzi: kodi ikunena vuto, ikupereka umboni, kapena ikupempha chochita? Kwa mlembi wathu uja, silaidi ya nambala 10 ndiyo vuto, choncho ipite patsogolo penipeni. Umboni uli m'masilaidi atatu amene anabalalika. Ya mu Juni ikusonyeza kuti chimanga china chinalowa m'nyumba yosungira chisanaume bwino. Ya mu Julayi ikuti mankhwala anakwanira matumba 120 okha. Ya mu Okutobala ikuonetsa kuti mwa matumba 40 oonongekawo, 35 anali osathiridwa mankhwala. Masilaidi atatuwa atatalikirana, palibe amene ankaona kuti akunena nkhani imodzi. Akangogundizana, chifukwa cha vutolo chimaonekera chokha. Pambuyo pake pabwere pempho: matumba angati a PICS, pa ndalama zingati, agulidwe ndi yani, pofika liti.

Nanga zithunzi za msonkhano wa mu Epulo ndi mayina a amene anabwera ku maphunziro? Apa m'pamene mtima umawawa, chifukwa ndi umboni wa thukuta lanu. Koma sizithandiza komiti kugamula. Zipititseni kumapeto, kapena dinani silaidiyo ndi batani la kumanja la mausi n'kusankha Hide Slide. Silaidiyo siifufutika, imangodumphidwa poonetsa. Pa masilaidi 12 aja patsala asanu, ndipo mphindi khumi zikwanira ndi mafunso omwe.

Mukatha kukoka, ntchito sinathe. Mitu yakale inali mayina a miyezi, ndipo mutu woti "Julayi" sunena kanthu ukachoka pamzere wake. Ulembeni ngati chiganizo chathunthu: "Matumba 80 sanathiridwe mankhwala". Sakaninso mawu otsalira monga "kenako", "mwezi wotsatira" kapena "monga taonera kale", chifukwa tsopano akuloza pamene palibe kanthu. Onetsetsaninso kuti dzina lachilendo, monga PICS, lafotokozedwa pa silaidi imene likuyamba kuonekera, popeza imene inkalifotokoza mwina mwaibisa.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati zatheka. Werengerani mnzanu mitu yokhayokha, kuyambira woyamba mpaka womaliza. Akatha kukuuzani vuto ndi chimene mukupempha, mwakhoza. Akafunsa kuti "ndiye mukufuna chiyani?", bwererani.

Chenjezo lalikulu lili pa umboni. Posankha, n'kosavuta kubisa zimene zikutsutsana ndi pempho lanu. Matumba asanu aja anaonongeka ngakhale anathiridwa mankhwala, ndipo komiti iyenera kumva zimenezo kuchokera kwa inu. Akazitulukira okha, sadzakhulupiriranso manambala anu ena onse.

Sikuti ndondomeko ya nthawi ilibe malo. Pophunzitsa anthu kamangidwe ka thumba la PICS, kapena pofotokoza mmene ngozi inachitikira, chimene chinayamba chiyenera kuyamba. Koma ngati anthu amene ali patsogolo panu ndi oti avomere kapena akane, musawayendetse chaka chonse. Auzeni vuto pa silaidi yoyamba, makutu awo akadali otseguka.