Kiyi amene anakhala pabwalo zaka pafupifupi zisanu

Mu Okutobala 2022 kampani ya Toyota inapepesa kwa makasitomala oposa 296,000. Mu Disembala 2017, kampani ina imene anaipatsa ntchito inaika poyera mbali ya pulogalamu ya T-Connect pa GitHub, malo a pa intaneti amene olemba mapulogalamu amasungirako ntchito yawo. Mkati mwake munali kiyi wotsegulira seva yosunga maimelo a makasitomala. Anazindikira zimenezi mu Seputembala 2022.

Kiyi wotereyu si wachitsulo. Ndi mzere wa zilembo ndi manambala umene pulogalamu imaonetsa kuti iloledwe kulowa m'nkhokwe ya deta kapena kulankhula ndi pulogalamu inzake. Seva siyang'ana nkhope: aliyense wobwera ndi mzerewo imamutsegulira.

Vuto limayamba mosaonekera. Wolemba pulogalamu ali pa changu, ndiye amalemba pasiwedi mkati mwenimweni mwa pulogalamuyo, mumtima akuti adzaichotsa mawa. Mawa lake amaichotsadi, koma Git, chida chosunga kusintha kulikonse kwa mafayilo, sichiiwala. Mzere wofufutidwawo umatsalabe m'mbiri, ndipo aliyense amene anakopera ntchitoyo ali nawo. Kuti aone ngati makiyi a AWS, amene ambiri amayamba ndi zilembo AKIA, analowamo, amalemba:

```
git log -p -S AKIA
```

Kiyi akapezeka, choyamba si kufufuta. Wapita basi. Mupheni, pangani wina, kenako fufuzani m'kaundula wa seva ngati pali mlendo amene analowa naye. Kiyi wa nyumba akatayika pamsika, munthu amasintha loko.

Njira yabwino ndi yakuti pulogalamu isasunge chinsinsi, izichita kupatsidwa ikamayamba kugwira ntchito. Pa kompyuta yoyesererapo, zinsinsi zimakhala m'fayilo ya `.env`, ndipo dzina lake limalembedwa mu `.gitignore` kuti Git asaitole. Koma chenjerani: ngati fayiloyo inatoledwa kale, kulemba dzinalo sikuichotsa. Pa seva yeniyeni, imene imatumikira makasitomala, zinsinsi zimakhala m'mosungira mwapadera monga HashiCorp Vault kapena AWS Secrets Manager, momwe mumalembedwa amene watenga chinsinsi ndi nthawi yake.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona pasiwedi imodzi ikugwira ntchito koyeserera ndi kwenikweni komwe. Koyeserera n'kumene anthu amalakwitsa, amafufuta, amayambiranso. Pasiwedi ikakhala imodzi, laputopu ya wophunzira ntchito ikabedwa m'minibasi, wakubayo wanyamulanso mayina a makasitomala onse. Malo alionse akhale ndi kiyi wakewake, ndipo wa koyeserera asatsegule kalikonse kwenikweniko.

Inu amene munalembetsa pulogalamu ya bizinesi yanu, m'funseni sabata ino amene anakulemberaniyo kuti akuuzeni kumene makiyi amakhala, ndi amene ali nawo. Ngati pali wina amene anasiya ntchito akuwadziwa, asinthidwe lero lomwe.