Zimene Tinavomereza Osawerenga Potsegula Akaunti ya Ndalama pa Foni

Pamsika wa Chiosya ku Mchinji, nyengo yogulitsa soya ndi mtedza ikafika, ndalama zambiri zimayenda pa foni. Ambirife tinatsegula akaunti ya Airtel Money kapena TNM Mpamba titangoimirira pakamsasa ka ejenti. Tinapereka chiphaso chaunzika, tinasankha nambala yachinsinsi, basi. Koma tsiku limenelo tinavomereza pangano lalitali lomwe sitinaliwerenge. Tiyeni tionemo mfundo zitatu zokhudza thumba la banja.

Yoyamba ndi ya ndalama zimene amatidula. Kuika ndalama mu akaunti kwa ejenti n'kwaulere, koma kutumiza ndi kutapa kumalipiritsidwa. Ndalamayo imachotsedwa mu akaunti momwemo, choncho ejenti sayenera kutipemphanso ina pamanja. Mitengo yake imayenda m'magulu: kuyambira ndalama zakuti kufika zakuti, mtengo ndi umodzi. Tiyerekeze kuti gulu lina limathera pa K50,000. Wotapa K50,500 walowa kale m'gulu lotsatira, ndipo K500 yokhayo yamukwezera mtengo. Panganoli limapatsanso kampani mphamvu yosintha mitengo ikalengeza, ndiye tisadalire ya chaka chatha. Tiziona pepala lomatidwa pakamsasa, ndipo tikatumiza pa *211# kapena *444# tiziwerenga uthenga wobwera pambuyo pake.

Tikamatumizira mwana ndalama zoti akatape, tizikumbukira kuti kudula kulipo kawiri: ife potumiza, iye potapa. Ngati akufunika K200,000 yathunthu m'manja, tionjezerepo yotapira. Tikapanda kutero, adzafika kusukulu ndi fizi yoperewera.

Yachiwiri ndi ya malire. Pali malire a ndalama zotumiza nthawi imodzi, a tsiku lonse, ndiponso a ndalama zomwe akaunti ingasunge. Malamulo oyendetsera ntchitoyi amachokera ku banki yaikulu ya dziko lino, pofuna kuteteza anthu komanso kutsekereza ndalama zopezeka mwachinyengo. Malire a ndalama zosunga ndi amene amadzidzimutsa alimi. Tiyerekeze kuti banja lagulitsa soya wa K600,000, pomwe mu akaunti muli kale ndalama zoyandikira malire. Wogula atumiza, koma ndalamazo zikana kulowa. Iye akhoza kutionetsa foni yake n'kunena kuti zapita. Matumba asakwere galimoto mpaka titaona tokha pa foni yathu kuti ndalama zaonjezekera. Nzeru ndi kufunsa malire a akaunti yathu tsiku logulitsa lisanafike, n'kutapako kapena kusamutsira zina kubanki.

Yachitatu, yomwe imapweteka kwambiri, ndi kutsekedwa kwa akaunti. Kampani ikhoza kuimitsa akaunti ikakayikira chinyengo, ikapeza kuti zolembetsa n'zabodza, kapena ikalamulidwa ndi khoti. Nambala yachinsinsi ikalakwitsidwa kangapo motsatizana, akaunti imadzitsekanso. Palinso vuto lomwe ife a m'malire timalidziwa. Munthu amapita kukagwira ntchito ku Chipata, n'kugula simu ya ku Zambia, ya kwathu n'kuisiya m'chikwama miyezi yambiri. Akaunti ya ku Zambia ndi ina, ngakhale dzina la kampani litafanana. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imathimitsidwa, ndipo nambalayo ikhoza kuperekedwa kwa munthu wina.

Kutsekedwa sikutanthauza kuti ndalama zapsa. Kampani imasunga ndalama za makasitomala kubanki, mu akaunti yosiyana ndi yakeyake. Koma kuti tizitenge, tiyenera kupita ku ofesi ya kampaniyo, osati kwa ejenti, titanyamula chiphaso. Apa ndi pomwe pagona nkhani: kampani imadziwa mwini ndalama mmodzi yekha, amene dzina lake lili pa kaundula. Agogo amene simu yawo inalembetsedwa ndi chiphaso cha mdzukulu sangathandizidwe popanda mdzukuluyo, ngakhale ndalama zonse zili za mtedza wawo. Mwini akaunti akamwalira, achibale amafunika chikalata cha imfa ndi kalata yowapatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Poyambira kufunsa za makalata amenewa ndi ku ofesi ya bwanamkubwa ku Mchinji boma.

Sabata ino likulu la banja likhale pansi ndi mafoni onse a pakhomo. Tione ngati simu iliyonse ili m'dzina la mwini wake weniweni, ndipo yomwe ili m'dzina la wina tikaisinthitse onse awiri akadalipo. Wopita ku Zambia atapiretu ndalama zake, kapena azikumbukira kugwiritsako ntchito simu ya kwathu. Ndipo mwamuna ndi mkazi adziwitsane kuti ali ndi akaunti pa nambala iti, kuti tsiku la mavuto pasakhale ndalama zosowa wozifunsa.