Khomo lili kumanja kapena kumanzere? Kuzindikira zigoba za nkhono za kunyanja pa chithunzi

Mwera ukawomba kwa masiku angapo, mafunde amataya zinthu zambiri pamchenga wa Nyanja ya Malawi: zigoba za nkhono, zikamba za nkhanu, mafupa a nsomba. Ena mwa inu mumazijambula pa foni n'kumafunsa kuti, “Aphunzitsi, kameneka ndi kachiyani?” Funso limeneli si lachibwana, chifukwa nkhono zina za m'nyanjayi ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, pamene zina zilibe mlandu uliwonse.

Ine ndimaphunzitsa fizikisi, ndiye chithunzi ndimachiona ngati muyeso. Muyeso umenewu umataya zinthu ziwiri mosavuta: kukula kwenikweni kwa chinthu, komanso mbali yake, kumanja kapena kumanzere. Tsoka lake, pozindikira nkhono zinthu ziwirizi ndiye zofunika kwambiri.

Yambani ndi khomo

Ikani chigoba nsonga yake italoza m'mwamba, khomo lake (potulukira nkhono paja) likuyang'ana inu. Tsopano onani kuti khomolo lagwera mbali iti. Nkhono zambiri padziko lapansi khomo limakhala kumanja. Kunyanja kwathu zitsanzo zake ndi Melanoides, yowonda ndi yosongoka ngati kansanja, ndi Bellamya, yonenepa pang'ono. Ziwirizi sizifalitsa likodzo.

Khomo likakhala kumanzere, tcherani maso. Pamenepo tikuganizira mitundu iwiri makamaka. Woyamba ndi Bulinus, kankhono kakang'ono, kawirikawiri kosapitirira masentimita 2, ka chigoba chopyapyala. Mitundu iwiri ya Bulinus, globosus ndi nyassanus, ndi imene imadziwika kuti imasunga likodzo la m'chikhodzodzo m'nyanjayi, monga ku Chembe ku Mangochi. Wachiwiri ndi Lanistes, nkhono yaikulu imene ikakhwima imafika masentimita 4 kapena kuposerapo, ndipo yokha sifalitsa likodzo.

Pali inanso imene lamulo la khomoli siligwira bwino: Biomphalaria, ya chigoba chophwatalala ngati batani, chopanda nsonga yotuluka. Imeneyi imasunga likodzo la m'matumbo.

Kamera ikhoza kukunamizani

Mukaima pa kalilole n'kukweza dzanja lamanja, wa m'kalilolemo amaoneka ngati wakweza lamanzere. Mafoni ambiri amachita chimodzimodzi mukajambula ndi kamera yakutsogolo, ya selefi ija: chithunzi chimasungidwa chotembenuka. Zikatero nkhono ya khomo lakumanja imaoneka ya khomo lakumanzere. Bellamya wosalakwa uja mukhoza kumutchula dzina lina, ndipo choopsa kwambiri, Bulinus akhoza kudutsa ngati nkhono wamba.

Dziwani kuti kuzunguliza chithunzi n'kosiyana ndi kuchitembenuza ngati kalilole. Ngati chigoba chajambulidwa chozondoka, zungulizani foni mpaka nsonga ibwere m'mwamba, yankho likhala lolondola. Koma chithunzi chotembenuka, kaya muchizungulize kangati, sichibwerera. Mankhwala ake ndi osavuta: pambali pa chigoba pakhale chinthu cholembedwa. Manambala akaoneka obwerera m'mbuyo, mwadziwa kuti chithunzi chatembenuka.

Rula igone pamene pagona chigoba

Rula ya mu seti yanu ya masamu imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: manambala ake amasonyeza ngati chithunzi chatembenuka, ndipo mizere yake imabweza kukula kumene kamera inataya. Koma iyenera kukhala pamtunda wofanana ndi chigoba kuchokera pa kamera. Chinthu chikayandikira kamera ndi theka la mtunda, chimaoneka chachikulu kawiri. Choncho mukanyamula chigoba m'manja pa masentimita 10 kuchokera pa foni, rula ili pansi pa masentimita 20, kankhono ka mamilimita 15 mukawerengera kuti ndi ka mamilimita 30. Mwatulutsa kale Bulinus pa mndandanda popanda chifukwa. Goneketsani zonse pamalo amodzi, foni muiimike pamwamba penipeni, osati chapambali.

Tiyese chitsanzo

Tinene kuti mnzanu wakutumizirani chithunzi cha kachigoba kotuwa kamene watola pafupi ndi bango, rula ili pambali pake.

Choyamba ndimayang'ana manambala a pa rula. Akuwerengeka bwinobwino, ndiye chithunzi sichinatembenuke. Kenako ndimazunguliza foni kuti nsonga ikhale m'mwamba. Khomo lagwera kumanzere. Melanoides ndi Bellamya zatuluka, kwatsala Bulinus ndi Lanistes.

Tsopano kukula. Pa sikirini, chigoba chikutalika mamilimita 60 kuchokera pa nsonga mpaka kunsi kwa khomo. Sentimita imodzi ya rula ya pachithunziyo ikutalika mamilimita 40 pa sikirini. Ndiye kuti chithunzi chakulitsa zinthu kanayi, chifukwa 40 ÷ 10 = 4. Kutalika kwenikweni ndi 60 ÷ 4 = mamilimita 15.

Ndiye ndi Bulinus basi, eti? Osafulumira. Lanistes nayenso amayamba ali mwana, ndipo pa nthawi ina amakhala wa mamilimita 15 omwewo. Chosiyanitsa chachikulu ndi chitseko. Lanistes wamoyo amakhala ndi kachivindikiro kolimba kamene amatsekera khomo akabwerera m'kati, pamene Bulinus alibe. Vuto n'lakuti nkhono ikafa chitsekocho chimagwa, ndiye chigoba chopanda kanthu sichingatiuze zimenezi. Chitseko chikaoneka pa chithunzi, si Bulinus. Chikapanda kuoneka, sitinatsimikize chilichonse.

Apa m'pofunika chithunzi chachiwiri, chojambulidwa kuchokera pamwamba pa nsonga, kuti tiwerenge mikombero, kapena kuti maulendo amene chigoba chazungulira. Bulinus wa mamilimita 15 ndi wamkulu kale, wazungulira pafupifupi kanayi. Lanistes wa msinkhu umenewo akadali mwana, mikombero yake ndi yocheperapo ndipo imakula msanga. Chachitatu, mnzanuyo aunike chigobacho ndi tochi ya foni ina kumbuyo kwake. Chigoba chopyapyala cha Bulinus chimalola kuwala kudutsa mosavuta kuposa cha Lanistes. Ngati mikombero ndi inayi ndipo kuwala kukudutsa, ndikhoza kulemba kuti “mwachionekere ndi Bulinus”.

Mwaona kuti mtundu wa chigoba, kutuwa kuja, sindinaugwiritse ntchito. Dzuwa ndi mchenga zimachotsa khungu lakunja la chigoba n'kuchisiya choyera, ndipo chigoba chonyowa chimanyezimira mpaka mizere yake kubisika. Jambulani chouma, pamthunzi.

Pamene chithunzi chimalekezera

Chithunzi chabwino chimatifikitsa pa dzina la gulu, Bulinus, koma kusiyanitsa mitundu ya m'gululo nthawi zambiri kumafuna akatswiri ndi labotale. Sichingatiuzenso ngati nkhonoyo inali ndi tizilombo, chifukwa si Bulinus aliyense amene amakhala nato. Komanso mafunde amasuntha zigoba, kotero pamene mwatola si pamene nkhonoyo inkakhala kwenikweni. Ndipo gombe lopanda zigoba si umboni woti madzi ake ndi abwino.

Chigoba chouma cha pamchenga sichipatsa likodzo. Tizilomboto timatuluka mu nkhono yamoyo, n'kumasambira m'madzi, n'kulowa pakhungu la munthu. Choncho musalowe m'madzi kukasaka nkhono zoti mujambule. Tolani zimene mafunde ataya kumtunda kouma. Ndipo ngati mumasamba kapena kuchapa kunyanja n'kuona magazi mu mkodzo, musadikire kuti wina azindikire chigoba. Pitani kuchipatala, likodzo lili ndi mankhwala.