Uthenga wachisoni pa WhatsApp: autayipe kapena aulankhule?

Kale maliro akagwa pamudzi, akuluakulu ankasankha bwino munthu wopita kukauza abale akutali. Wotumidwayo sankafikira kunena kuti uje wamwalira. Ankayamba wakhala pansi, kulonjerana ndi eni khomo, kuona amene ali pafupi, kenako n'kunena kuti matenda aja akula. Womva ankazindikira yekha asanauzidwe zonse. Ngakhale pamene mauthenga achisoni anayamba kuulutsidwa pa wailesi ya MBC, mabanja ankayesetsa kuti mwana wa malemu asamvere pamphepo.

Lero ntchito ya mthenga uja yagwera foni, ndipo woigwira amasankha pakati pa kutayipa meseji ndi kukanikiza kachizindikiro ka maikolofoni n'kulankhula. WhatsApp inayambitsa mauthenga a mawu, amene ambiri amangoti voisi, mu 2013, ndipo mu 2022 kampaniyo inati anthu ankatumizirana mavoisi okwana 7 biliyoni tsiku lililonse. Kwa agogo amene maso anafooka, kapena munthu amene sukulu sanapite nayo patali, voisi ndi njira yokhayo. Koma kwa amene angathe zonse ziwiri, kusankhako kumavuta nkhani ikakhala ya imfa, matenda kapena mkangano.

Vuto la meseji yolemba ndi lakuti wolembayo amamva mawu ake m'mutu mwake, n'kuganiza kuti wowerenga akuwamvanso chimodzimodzi. Justin Kruger ndi Nicholas Epley, akatswiri a maganizo a anthu ku America, anaonetsa zimenezi m'kafukufuku amene anasindikiza ndi anzawo mu 2005. Anauza anthu kuti atumize ziganizo, zina zonena moona, zina zonena monyogodola. Otumizawo ankayembekezera kuti anzawo amva bwino pafupifupi ziganizo 8 pa 10 zilizonse. Amene anamva ziganizozo zikulankhulidwa anazindikiradi pafupifupi zitatu pa zinayi zilizonse, koma amene anaziwerenga pa imelo anangopitirira theka pang'ono, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi kungolota. N'chifukwa chake munthu amalemba kuti "Ndamva, zikomo" ali ndi mtima woyera, koma mnzake n'kugona wosadya poganiza kuti wamukwiyira.

Mawu a pakamwa amachitanso zina m'thupi. Mu 2012 Leslie Seltzer ndi anzake a pa yunivesite ya Wisconsin anafalitsa zimene anapeza atapatsa atsikana aang'ono mayeso oopsa pamaso pa anthu osawadziwa. Atsikana amene kenako analankhula ndi amayi awo pafoni, mantha m'thupi mwawo anatsika ngati a amene anaonana ndi amayi awo maso ndi maso. Amene anangolemberana ndi amayi awo sanasiyane kwenikweni ndi amene sanalankhule nawo n'komwe. Komabe pamenepa pafunika kusamala: atsikanawo ankacheza ndi amayi awo, wina kunena wina kuyankha. Voisi si choncho. Woijambula sadziwa kumene mnzakeyo ali, ndipo sangaime pakati atamva kuti wayamba kulira.

Tiyerekeze kuti mayi wina wamwalira m'chipatala ku Dedza cha m'ma 10 koloko m'mawa. Mwana wake wamkazi ndiye anali pamatendapo, ndipo achimwene ake amagwira ntchito m'sitolo ku Joni. Mlongoyo akatayipa kuti "Amayi atisiya", mawuwo angaonekere pagalasi la foni ngakhale ili yokiya, ndipo mwamunayo angawaone akubweza chenji kwa kasitomala. Akatumiza voisi ali m'kati molira, foni imangoonetsa kuti kwabwera uthenga wa masekondi 40. Achimwene akewo angautsegule m'takisi yodzaza, kulirako n'kumveka pa sipika kwa aliyense, iwo osamvanso bwino ngati amayi amwalira kapena angokomoka. Akabwereza katatu kuti amvetse, amva kulirako katatu.

Apa njira ziwirizi zonse siziyenera kunyamula uthenga weniweniwo. Chimene chimathandiza ndi meseji yaifupi yolemba, yogwira ntchito ya kugogoda pakhomo: "Achimwene, kuno zavuta. Mukapeza malo a phee mundiimbire, kapena mundiuze ndikuimbireni." Mawu otere sanama, ndipo amapatsa munthu mpata wotuluka panja kapena kuitana mnzake kuti akhale naye pafupi. Nkhaniyo inenedwe pafoni yoyankhulana. Ngati netiweki ikukana, ndi bwino kuimbira m'bale kapena mnzawo wa kutchalitchi amene amakhala nawo dera limodzi kuti akawauze pamaso. Ndipo zonsezi zichitike gulupu ya banja isanadziwe, chifukwa pamakhala msuweni wina wachangu amene amaika chithunzi cha malemu pa sitetasi thupi lisanachoke m'wodi.

Pambuyo pake ntchito zimagawanika. Tsiku loika maliro, mudzi, nthawi yonyamula thupi kumotchale, mtengo wa bokosi ndi nambala yotumizirapo chipepeso, zonsezi zilembedwe. Munthu amene akufunafuna basi yobwerera kumudzi sangamvetsere mphindi zitatu kuti apeze nambala imodzi, ndipo mawu a m'voisi sasakika ndi batani lofufuzira. WhatsApp inayamba kusandutsa mavoisi kukhala malemba mu 2024, koma inayamba ndi zilankhulo zochepa ngati Chingerezi, Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Komanso nambala ikalakwika m'meseji, wolembayo ali ndi mphindi 15 zoti aikonze. Voisi sikonzeka, ingofufutidwa basi.

Malo enieni a voisi ndi masiku otsatira. Namfedwa amalandira mameseji ambirimbiri ofanana, ena ongokopera kwa anzawo. Koma mawu a azakhali akunena modekha kuti "Pepani mwanangu, limbani mtima, ife tili konkuno ndi alongo anu" amafika pamene zilembo sizifika, ndipo angawamvere usiku, nthawi imene iye wakonzeka. Wotumiza angatsogoze kamzere kakuti "Mumvere muli nokha, musavutike n'kuyankha." Wolandira naye akaika foni pakhutu voisi ikuyamba, mafoni ambiri amasiya sipika n'kulankhula chapansipansi ngati akuimba.

Mkwiyo ndiwo umatembenuza zinthu. Maliro akatha pamabuka nkhani ya ndalama za chipepeso, za amene sanasonkhe ndi amene anatenga katundu wa malemu, ndipo apa voisi ndi yoopsa kuposa meseji. Kutayipa kumachedwetsa munthu, amaona mawu ake n'kufufuta oipitsitsa. Voisi imatuluka pa liwiro la mtima, ndipo wojambula akangochotsa chala yapita. Imanyamulanso umboni wosakanika: meseji munthu angakane kuti sanalembe ndiye, koma mawu ake aliyense m'banjamo amawadziwa, ndipo kuwatumiza kwa malume n'kungodina kawiri. Kufufuta kuti uthenga uchoke kwa onse kumatheka kwa masiku awiri okha, ndipo sikubweza zimene zamveka kale. Kuyambira kumapeto kwa 2023 pali voisi yomvera kamodzi kokha, koma foni yachiwiri ikhoza kuijambula ikulira.

Amene sangachitire mwina koma kulankhula ali ndi kachida kamene ambiri sakagwiritsa ntchito. Akakankhira maikolofoni ija m'mwamba, kujambula kumapitirira popanda kugwira, ndipo akaimitsa amatha kudzimvera yekha asanatumize. Ngati akumva mawu akunjenjemera, akubwereza mfundo imodzi kachitatu, kapena watchula dzina la munthu amene nkhaniyo sikumukhudza, chizindikiro cha bini chili pomwepo kumanzere.